Njinga yamoto ya K3,000,000 ikamatsika ndi 20 peresenti pachaka, imatsala ya zingati pakatha zaka zitatu?

*Zikomo. Ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Mponela. Njingayo adagula ndi alamu anga pa K3,000,000, ndipo tidagwirizana kuti pakatha zaka zitatu ndidzaigula ineyo pa mtengo umene idzakhale itatsala nawo, tikamachotsa 20 peresenti chaka chilichonse. Ine ndikawerengera ndikupeza K1,200,000, pakuti 20 katatu ndi 60 peresenti. Alamu akuti ndi K1,536,000. Tatsala pang'ono kudana. Akulondola ndani?*

Achimwene, monga mmene mwafotokozeramu, amene awerengera bwino ndi alamu anu. Sakukuberani ayi. Nanunso simunachite zachinyengo, mwangotsata njira imene mutu wa munthu aliyense umayamba kuthamangira ukamva mawu oti "chaka chilichonse". Pakati pa inu awiri pali K336,000, ndalama yoti singangonyalanyazidwa, choncho tiyeni tiyende nayo nkhaniyi pang'onopang'ono mpaka muone nokha pamene ndalamayo yabisala.

Peresenti siima payokha. Nthawi zonse imakhala peresenti ya chinachake, ndipo funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti, 20 peresenti ya chiyani? Chaka choyamba yankho ndi losavuta. Njinga idali ya K3,000,000, ndipo 20 peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye tigawe K3,000,000 pasanu, tipeza K600,000. Tikachotsa imeneyo, njinga yatsala ya K2,400,000. Mpaka apa inu ndi alamu muli limodzi.

Mwasiyana polowa chaka chachiwiri. Pa tsiku loyamba la chaka chimenecho, njinga imene yaima pakhomo panu si ya K3,000,000 ayi. Njinga ya mtengo umenewo kulibenso, idatha ndi chaka chatha. Imene ilipo ndi ya K2,400,000, ndipo ndi imeneyi imene ikukatsika ndi 20 peresenti. Gawo limodzi mwa magawo asanu a K2,400,000 ndi K480,000, osati K600,000. Tikachotsa, yatsala K1,920,000. Chaka chachitatu chimodzimodzi: tiyambira pa K1,920,000, gawo lachisanu lake ndi K384,000, ndipo chotsala ndi K1,536,000. Nambala ya alamu ija yatulukira pamenepa.

Taonani ndalama zimene zachoka: K600,000, kenaka K480,000, kenaka K384,000. Peresenti sinasinthe, koma ndalama yochoka ikucheperachepera chifukwa chimene tikudulapo chikuchepa. Zonse pamodzi ndi K1,464,000. Inu mudachotsa K600,000 katatu, K1,800,000. Chaka chachiwiri mudachotsa mopyola ndi K120,000, chaka chachitatu mopyola ndi K216,000, ndipo mukaphatikiza ziwirizi mupeza K336,000 imene mukukanganirana ija. Yonse yapezeka, palibe tambala imene yasowa.

Ganizani za thumba la chimanga la makilogalamu 50, mayi a kunyumba atanena kuti sabata iliyonse azitapamo gawo limodzi mwa magawo asanu a chimanga chimene achipeza m'thumbamo. Sabata yoyamba atapa makilogalamu 10, mwatsala 40. Sabata yachiwiri apeza 40, atapa 8, mwatsala 32. Yachitatu apeza 32, atapa 6.4, mwatsala 25.6. Thumba likadali lopitirira theka pang'ono. Koma akadanena kuti azitapa makilogalamu 10 sabata iliyonse, pakutha pa masabata asanu akadalikutumula thumbalo. Malamulo awiriwa amafanana sabata yoyamba yokha, ndipo n'chifukwa chake anthu amawasokoneza.

Pali njira yodziwira kuti kuwerengera kwanu kukupita kolakwika, ndipo ndi yothandiza pa masamu ena ambiri: ipitirizeni njirayo muone kumene ikukafika. Mukamachotsa K600,000 chaka ndi chaka, pakutha pa chaka chachisanu njinga ndi ya ziro. Chaka chachisanu ndi chimodzi mukadayenera kumulipira munthu K600,000 kuti aitenge. Inu mumakhala pasiteji tsiku lililonse, mukudziwa kuti njinga ya zaka zisanu imene ikuyendabe siperekedwa ulere, ndipo ngakhale yakufa anthu amaigula kuti aphwasule zipangizo. Pa njira ya alamu, chaka chachinayi njinga ndi ya K1,228,800, chachisanu K983,040, ndipo imangotsikabe pang'onopang'ono osafika pa ziro. Zimenezi zikufananako ndi mmene zinthu zimakhalira pamsika. Njinga imataya ndalama zambiri ikadali yatsopano, pamene yachoka m'sitolo n'kusanduka yoti wina waikwerapo kale. Ikakalamba imakhala ilibe zambiri zoti itaye.

Tsono njira yachidule, imene ndikufuna muigwiritsitse chifukwa ndiyo imathetsa chisokonezo chonse. Lekani kuyang'ana chimene chikuchoka, yang'anani chimene chikutsala. Chinthu chikatsika ndi 20 peresenti, chatsala 80 peresenti, ndipo 80 peresenti pa kakyuleta ndi 0.8. Chaka chilichonse ndi kuchulukitsa ndi 0.8 kamodzi. Zaka zitatu, katatu. Tsegulani kakyuleta ya pafoni mulembe motere:

```
3000000 × 0.8 × 0.8 × 0.8 = 1536000
```

M'mabuku a masamu a kusekondale zimenezi amazilemba mwachidule chonchi, P akuimira mtengo wogulira, r peresenti ya pachaka, n zaka, ndipo V mtengo wotsala:

```
V = P × (1 − r/100)^n
```

Kachizindikiro ka ^n kasakuopseni, kakungotanthauza kuti nambala ya m'katiyo muichulukitse yokha kangapo molingana ndi zaka. Ngati 0.8 × 0.8 × 0.8 mwaiwerengera payokha, mupeza 0.512. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa K1,536,000 yeniyeniyo, ndipo tibwereranso kwa iyo. Ikunena kuti pakatha zaka zitatu njinga imatsala ndi 51.2 peresenti ya mtengo wake, yataya 48.8 peresenti, osati 60. Kaya njingayo idali ya K900,000 kaya ya K7,000,000, ikamatsika ndi 20 peresenti pachaka imatsala yopitirira theka pang'ono.

Chenjezo limodzi pa kakyuleta: ena amalemba 3000000 − 20% − 20% − 20% n'kudina chofanana. Mafoni sawerengera mofanana mzere wotere. Ena amatenga peresenti iliyonse pa chotsala n'kupereka yankho lolondola, ena amamva 20% ngati 0.2 chabe n'kukuchotserani matambala. Kuchulukitsa ndi 0.8 kulibe vuto limeneli, foni iliyonse ikupatsani yankho limodzi.

Ndanena kuti alamu akulondola monga mmene mwafotokozera, ndipo mawu amenewo ndawasankha dala. Njira yanu ija si yongopeka. Owerengera chuma m'makampani amagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Ina ndi yochotsa ndalama yofanana chaka chilichonse, yowerengedwa pa mtengo wogulira. Inayo ndi yochotsa peresenti pa mtengo wotsala. Yoyamba imayenera zinthu zimene zimatha mofanana chaka ndi chaka, monga mashelefu a m'sitolo. Yachiwiri imayenera galimoto, njinga zamoto ndi mafoni, zinthu zimene zimagwa mtengo kwambiri poyambirira. Choncho ngati mudalemberana kapepala, kakatengeni mukawerenge. Ngati padalembedwa kuti "tizichotsa 20 peresenti ya mtengo wogulira chaka chilichonse", kapena kuti "tizichotsa K600,000 pachaka", ndiye kuti K1,200,000 ndi yanu, alamu alibe chonena. Koma ngati padangolembedwa kuti njinga izitsika ndi 20 peresenti chaka chilichonse, mphunzitsi wa masamu aliyense, wa kubanki aliyense, adzamva kuti ndi peresenti ya mtengo umene njinga ili nawo poyamba chaka chimenecho. Pamenepo K1,536,000 ndiyo yoona.

Ngati simudalembe chilichonse, ndiye kuti aliyense adachoka pamalopo ali ndi chake mumtima, ndipo masamu sangakuuzeni chimene mudatanthauza tsiku limenelo. Pamenepo ndi nkhani yokhala pansi ndi munthu amene adalipo, kapena ankhoswe, popeza ndi chilamu. Koma ine ndikadakhala inu sindikadakakamira K1,200,000, pa chifukwa chimene ndifotokoze tsopano, chomwe ndi chachikulu kuposa mkangano wonsewu.

Masamu taonawa amaganiza kuti kwacha ya lero ndi yofanana ndi kwacha ya zaka zitatu zikubwerazo. Kuno kwathu tonse tikudziwa kuti sizili choncho. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 banki yayikulu ya dziko lino idasinthanso mtengo wa dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Njinga zamoto zimene zadzaza m'masiteji mwathu, ndi zipangizo zake zomwe, zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Dola ikakwera, njinga yatsopano imakwera, ndipo yakale imakwerera limodzi, chifukwa wogula njinga yakale amaiyerekeza ndi yatsopano ya m'sitolo tsiku limenelo. Risiti yanu ya zaka zitatu zapitazo iye alibe nayo ntchito.

N'chifukwa chake mumamva anyamata pasiteji akunena kuti, ine yanga ndidagulitsa mtengo womwe ndidagulira, njinga situtsika mtengo masiku ano. Njingayo idatsika ndithu. Maring'i adadyeka, mashoka adafooka, felemu idalawa maenje onse a msewu wa kwa Dzoole. Chimene chidachitika n'chakuti muyeso woyezera nawonso udafupika, ndiye kutsikako sikudaoneke.

Apa ndi pamene 0.512 uja amagwira ntchito yake yeniyeni. Mtengo wa pamsika wa njinga ya zaka zitatu mungauyerekeze bwino potenga 0.512 kuchulukitsa ndi mtengo wa njinga yatsopano ya mtundu womwewo lero. Tingoyerekeza, si kuti ndikulosera, kuti pofika tsiku lanu logula, njinga yatsopano yofanana ndi yanuyo ili pa K5,000,000. Ndiye kuti yanuyo pamsika ingapite pa 0.512 × K5,000,000, yomwe ndi K2,560,000. Inu pangano likukulolani kuigula pa K1,536,000. Alamu akanangoitenga n'kukaimika pamsika akadapeza K1,024,000 yoposa imene mukuwapatsayo. Ndiye musanakwiye chifukwa cha K336,000, pitani kaye m'sitolo mukafunse mtengo wa yatsopano lero, muchulukitse ndi 0.512, muone amene pangano lamukomera. Ngati mitengo yakwera chigulireni njingayo, mupeza kuti wopindula ndinu, ngakhale pa nambala ya alamu.

Nkhani ya Novembala 2023 ija ikuonetsanso bwino funso loyamba lija, lakuti peresenti ya chiyani. Tonse timati kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Nambalayo imachokera pa kukwera kwa dola: idakwera ndi K520, ndipo K520 ndi 44 peresenti ya K1,180. Koma mukafunsa kuti kwacha ya m'thumba mwanu idataya mphamvu yochuluka bwanji pogula dola, yankho ndi pafupifupi 31 peresenti, chifukwa K520 yomweyo tsopano mukuiyeza pa K1,700. Chochitika ndi chimodzi, manambala awiri, onse oona, kusiyana kwake ndi poyambira kuyeza.

Msampha womwewu umagwira anthu akafuna kubwerera m'mbuyo. Tinene kuti wina akugulitsa njinga ya zaka zitatu pa K1,536,000 ndipo mukufuna kudziwa kuti idali ya zingati ili yatsopano. Ambiri amawonjezera 20 peresenti katatu, kuchulukitsa ndi 1.2 katatu, n'kupeza K2,654,208. Yaperewera ndi ndalama yoposa K345,000. Chifukwa chake n'chakuti kutsika ndi 20 peresenti sikubwezedwa ndi kukwera ndi 20 peresenti. Kuchoka pa K3,000,000 kufika pa K2,400,000 ndi kutsika ndi 20 peresenti, koma kuchoka pa K2,400,000 kubwerera pa K3,000,000 pafunika kukwera ndi 25 peresenti, pakuti K600,000 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a K2,400,000. Njira yolondola ndi kugawa: K1,536,000 kugawa ndi 0.512, mupeza K3,000,000 ndendende. Mudachulukitsa popita, gawani pobwerera.

Tsopano za 20 peresenti yeniyeniyo. Masamu a pamwambawa ndi olimba, koma amangokubwezerani zimene mwawapatsa. Nambala ya 20 siidalembedwe pa injini. Ndi nambala imene anthu awiri adagwirizana, ndipo kuisintha pang'ono kumasuntha yankho ndi ndalama zambiri. Pa njinga yomweyi ya K3,000,000, mukadagwirizana 10 peresenti, bwenzi mukuchulukitsa ndi 0.9 katatu n'kupeza K2,187,000. Pa 15 peresenti ndi K1,842,375. Pa 25 peresenti ndi K1,265,625, ndipo pa 30 peresenti ndi K1,029,000. Onani kuti kungosuntha kuchoka pa 20 kupita pa 15 kukuwonjezera K306,375, pafupifupi ndalama yonse imene mukukanganirana. Onaninso kuti K1,200,000 yanu ija ili pafupi ndi yankho la 25 peresenti. Kunena kwina, mukamapempha K1,200,000 mukunena kuti njingayo yakhala ikutsika ndi 26 peresenti pachaka, osati 20.

Kodi njinga ya kabaza ingatsike motero? Ingathe, ndipo apa ndikuimirani kumbali yanu pang'ono. Zaka sizitha njinga, chimatha njinga ndi mtunda ndi katundu. Tiyerekeze kuti inu mumayenda makilomita 80 patsiku, masiku 300 pachaka. Ndi makilomita 24,000 pachaka, 72,000 pa zaka zitatu, ambiri mwa iwo m'misewu yafumbi, nthawi zina mutanyamula munthu ndi thumba la feteleza kumbuyo. Mphunzitsi amene amapita kusukulu ndi kubwera, makilomita 10 patsiku masiku 200 pachaka, pa zaka zitatu zomwezo wayenda makilomita 6,000 okha. Njinga ziwirizi zidatuluka m'sitolo tsiku limodzi, koma wogula wanzeru sangazipatse mtengo umodzi. Amailiza m'mawa injini ili yozizira n'kuyang'ana kumpopi wa utsi. Utsi wabuluu wotuwirako ndiye kuti injini ikudya oyilo, maring'i kapena pisitoni zatha. Amakoka tcheni kumbuyo kwa sipuroketi, ikanyamuka mpaka mano kuonekera ndiye kuti zonse ziwiri n'zosintha. Mano a sipuroketi akasongoka ngati minga, chimodzimodzi. Amatsindika kutsogolo n'kuona ngati mashoka akudontha oyilo. Amasuzumira pansi pa thanki ndi pakhosi pa felemu kufuna chipsera cha kuwotcherera, chimene chimaulula kuti njingayo idagwapo kapena idathyokapo. Chilichonse chimene wapeza amachotsera pa mtengo. Kenaka amafunsa mapepala. Njinga yopanda bulubuku, kapena imene nambala ya pa felemu ndi ya pa injini sizikugwirizana ndi zolembedwa, imagwa mtengo kuposa ya injini yotopa, chifukwa wogulayo akudziwa kuti akugulanso mavuto a pamsewu.

Koma apa samalani, mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Amene wakhala akuikwera njingayo ndinu. Mukauza alamu kuti njinga yatha kwambiri kotero itsike mtengo, iwo akufunsani kuti waitha ndani, ndipo sevisi inkachitika liti. Ubwino wa peresenti yokhazikika m'pangano ngati lanu ndi womwewu, kuti imachotsa mkangano wa mtundu umenewu. Mukaisamala njinga, phindu ndi lanu, chifukwa mudzagula njinga yabwino pa mtengo womwewo. Mukaizunza, mwadzizunza nokha. Ine pangano lotere ndimaliona kuti ndi labwino kwa onse awiri, bola manambala alembedwe.

Mukafuna kudziwa peresenti imene njinga za mtundu wanu zikutsikira kwanuko, mungathe kuipeza nokha osadalira za m'mabuku. Funsani mtengo wa yatsopano lero, ndipo funsani amakanika awiri kapena atatu kuti ya zaka zitatu ya mtundu womwewo, yogwira kabaza, ikugulidwa zingati. Mufunse mtengo umene ndalama idasinthira manja, osati umene wogulitsa adayambira kutchula. Gawani wachiwiri ndi woyamba. Tinene kuti yatsopano ndi K3,000,000 ndipo yakale ndi K1,800,000, ndiye mwapeza 0.6. Tsopano mukusaka nambala imene mukaichulukitsa yokha katatu ikupatsani 0.6. Yesani 0.85: 0.85 × 0.85 × 0.85 ndi 0.614, yapitirira pang'ono. Yesani 0.84: mupeza 0.593, yaperewera pang'ono. Ndiye nambalayo ili pakati pa ziwirizi, kutanthauza kuti njinga ikutsala ndi 84 peresenti ndi kanthu chaka chilichonse, ikutaya pafupifupi 16 peresenti. Amene angagawe 40 peresenti patatu n'kunena kuti ndi 13 peresenti pachaka wagwa m'dzenje lomwe lija, kungoti walowera mbali ina. Chofunika apa ndi chakuti mitengo iwiriyo ikhale ya nthawi imodzi. Mukayerekeza mtengo wa yakale lero ndi risiti ya zaka zitatu zapitazo, kugwa kwa kwacha kulowerera ndipo mupeza peresenti yabodza, yochepa kwambiri.

Wina anganene kuti njinga situtsika mofanana chaka chilichonse, chaka choyamba imagwa kwambiri kenaka n'kumatsika pang'ono. N'zoona, ndipo njira yochulukitsa ija imalandira zimenezo popanda vuto. Ngati chaka choyamba ndi 30 peresenti ndipo zaka ziwiri zotsatira ndi 15 peresenti chilichonse, muchulukitse K3,000,000 ndi 0.7, kenaka 0.85, kenakanso 0.85. Yankho ndi K1,517,250, kusiyana ndi K1,536,000 ndi ndalama yosakwana K20,000. Choncho pa zaka zitatu zathunthu peresenti imodzi yokhazikika siipatuka kwambiri. Imapatuka ngati mwaganiza zogulitsana pakatha chaka chimodzi chokha, pamene njira ina ikunena K2,400,000 ina K2,100,000.

Ngati tsiku logulitsana lagwa pakati pa chaka, tinene zaka ziwiri ndi theka, njira yosavuta ndi kutenga theka la ndalama yochoka chaka chachitatu. Theka la K384,000 ndi K192,000, ndipo mukachotsa pa K1,920,000 mutsala ndi K1,728,000. Kuwerengera kwa m'buku, kokweza 0.8 ku mphamvu ya 2.5, kumapereka pafupifupi K1,717,300. Kusiyanako n'kochepa, ingogwirizanani njira imodzi.

Chinthu china chimene sindingachisiye, popeza posachedwa njingayo ikhala yanu. Kutsika mtengo ndi ndalama imene imachoka m'thumba mosaoneka. Petulo mumamuona, oyilo mumamuona, tayala likaphulika mumaliona. Koma K600,000 ya chaka choyamba ija palibe amene adabwera kudzaitolera, komabe idapita. Mukaigawa pa miyezi 12 ndi K50,000 pamwezi. Chaka chachiwiri ndi K40,000 pamwezi, chachitatu K32,000. Kwa munthu wogwira ntchito masiku 26 pamwezi, chaka choyamba chija njinga inkadya pafupifupi K1,900 tsiku lililonse musananyamule ngakhale kasitomala mmodzi. Mpaka lero katundu ameneyu wakhala pamutu pa alamu, ndipo gawo lina la ndalama imene mumawapatsa tsiku ndi tsiku limangokwirira dzenje limeneli, si phindu lonse ayi. Mukaigula, katunduyo asamukira kwa inu. Chaka chachinayi njinga idzatsika kuchoka pa K1,536,000 kufika pa K1,228,800, kutaya K307,200, yomwe ndi K25,600 pamwezi. Ndalama yatsika poyerekeza ndi zaka zoyamba, koma musasangalale msanga, chifukwa zaka zimenezi ndi zomwe makanika amayamba kukudziwani dzina. Kutsika mtengo kukamachepa, zokonzetsa zimakwera.

Anyamata ambiri a kabaza amagwera apa. Amawerenga zonse zotsala atachotsa petulo ngati phindu, amadya, ndipo tsiku limene injini yagona amapezeka alibe pogwira. Ndalama yoika padera mwezi ndi mwezi isawerengedwe pa mtengo wakale. Iwerengedwe pa mpata umene udzakhalepo pakati pa njinga yatsopano ndi yanu yakale tsiku losinthitsa. Pa chitsanzo chathu chija, yatsopano ili pa K5,000,000 ndipo yakale ikugulika pa K2,560,000, mpatawo ndi K2,440,000. Munthu amene ankafuna kusinthitsa njinga pakatha zaka zitatu akadayenera kusunga pafupifupi K68,000 pamwezi, pamene masamu a pa risiti akadamuuza kuti K41,000 ikwana. Choncho mtengo wa yatsopano muziufunsa kawirikawiri, ukakwera nanunso mukweze chosunga, kaya mumasunga ku banki mkhonde kaya pafoni.

Za alamu, chitani chonchi. Tengani pepala mulembe mizere itatu, chaka chilichonse mzere wake: mtengo woyambira, ndalama yochoka, mtengo wotsala. K3,000,000, K600,000, K2,400,000. Kenaka K2,400,000, K480,000, K1,920,000. Kenaka K1,920,000, K384,000, K1,536,000. Pitani nalo kwa iwo muwauze kuti mwaona pamene nambala yawo yachokera. Ngati K1,536,000 ikukulemerani kulipira kamodzi, pemphani kulipira pang'onopang'ono, pakuti munthu amene mwamuvomereza kuti sadaname savuta kumva pempho. Pa pepala lomwelo mulembe tsiku lolipira, amene alipire zosinthira dzina pa bulubuku ndi inshulansi, ndi tsiku limene ndalama ya tsiku ndi tsiku ija ilekere. Musainirane pali mboni, aliyense asunge lake, ndipo mtengo ulembedwe m'makwacha, osati m'maperesenti.